Ndinagula eriyo, koma vuto linali pa simu khadi

Ine ntchito yanga ndi yojambula zithunzi ndi makanema pa maukwati ndi zinkhoswe. Ndimakhala ku Chilomoni, chakumunsi kwa phiri la Michiru, ndipo ntchito yosankha ndi kukonza zithunzi ndimagwirira pakhomo pomwepo. Masiku ano eni ukwati safunanso kudikira kuti muwapititsire fulashi. Abale awo ali ku Joni, ena ku Mangalande, ndiye amafuna muike zonse pa intaneti n'kuwatumizira linki. Pa chifukwa chimenechi ndinagula kamayifayi, kachipangizo kokhala ngati bokosi la machesi lalikulu kamene mumaikamo simu khadi n'kumagawira intaneti ku laputopu ndi mafoni, ndipo ndinkagula bandulo ya mwezi wonse imene pa chikwangwani analemba kuti Unlimited.

Mu Okutobala, maukwati atachuluka, zinthu zinasintha tsiku limodzi. Lolemba ndinatumiza zithunzi bwinobwino. Lachitatu m'mawa ndinayamba kukweza foda ya 6 GB, ndipo kompyuta inandiuza kuti imaliza pakadutsa maola opitirira 24. Kale foda yotereyi inkatha pasanakwane maola awiri. Ndinazimitsa kamayifayi n'kukayatsanso. Ndinakachotsa patebulo n'kukaika pazenera. Ndinatuluka nako panja, n'kukakweza pa mpanda. Palibe chinasintha. Pokhala kuti nyumba yanga ndi ya njerwa zootcha ndi denga la malata, ndiponso phiri lili pafupi, ndinangoti basi netiweki yathawa, mwina akonza china chake pa nsanja n'kutembenuza zida zawo. Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, ndinagula eriyo yakunja ndi chingwe chake, ndinalipira mnyamata woti akwere padenga. Titamaliza kulumikiza, liwiro linali lomwe lija ndendende. Ndalama zinapita, masiku awiri anapita, ndipo mkwatibwi anali akundiimbira foni m'mawa ndi madzulo.

Amene anandithandiza ndi alamu anga, omwe amagwira ntchito yoika intaneti m'maofesi m'tauni muno. Anafika Loweruka madzulo. Sanayang'ane n'komwe padenga. Anangoti, "Alamu, musanandiuze kuti ikuchedwa, ndiuzeni kuti ikuchedwa motani. Tiyeni tiyeze kasanu."

Anayamba ndi kuchotsa mafoni onse a m'nyumba pa wayifayi, n'kuimitsa foda imene inkakwera ija, kenako analumikiza kamayifayi ku laputopu ndi chingwe cha USB. Anati izi n'zofunika chifukwa ngati foni ya mwana ikukopera kanema mwakachetechete, kapena ngati wayifayi pakati pa kachipangizo ndi laputopu ndi imene ikuvuta, muyezo wonse ukhala wabodza. Kenako anatsegula `fast.com` n'kuyeza, anatsegulanso `speedtest.net` n'kuyeza, mobwerezabwereza. Ine ndinkalemba papepala. Manambala anali 0.49, 0.51, 0.50, 0.48, 0.50 Mbps. Liwiro lokweza nalo linali pomwepo, pafupifupi 0.5.

Alamu anaika chala papepalapo n'kunena kuti, "Mwaona? Netiweki yofooka sidziwa kuwerenga chonchi."

Mawu amenewo ndi amene ndikufuna kuti aliyense wowerenga pano awamvetse, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepo. Mafunde a wailesi amene amachokera pa nsanja kufika pa foni sakhazikika. Amagunda makoma, amabwerera pa malata, amasokonezedwa ndi nsanja zina, ndipo anthu amene mukugawana nawo nsanjayo amachuluka ndi kuchepa mphindi iliyonse. Choncho liwiro lobwera mwachibadwa limadumphadumpha. Muyeza pano mupeza 3, muyezanso mupeza 7, kenako 1.5. Koma liwiro likamabwera pa nambala imodzimodzi ngati lojambulidwa ndi lula, ndiye kuti pali makina amene aikidwa kuti asalole kupyola pamenepo. Zili ngati mpope umene wina watsina dala: madzi mu thanki ndi odzaza, mapaipi ndi abwino, koma akutuluka pang'ono pang'ono mofanana usana ndi usiku. Ndipo nambala yake imakhala yozungulira bwino: 128 kbps, 256 kbps, 512 kbps, 1 Mbps, 2 Mbps. Yanga 0.5 Mbps ija inali 512 kbps, kuchotsapo pang'ono pamene pamapita ku zolemba zoyendetsera data.

Anandionetsanso kanthu kena kamene ndinkakaona koma osakamvetsa. Muyezo ukangoyamba, singano inkadumpha kufika pa 4 kapena 5 Mbps kwa sekondi imodzi, kenako n'kugwa n'kukhala phee pa 0.5. Ine ndinkati ndi netiweki ikubwera n'kuthawanso. Iwo anati ayi, makina ofinya liwiro nthawi zambiri amalola kadata kochepa kadutse msanga poyamba, kenako amagwira. N'chifukwa chake uthenga wa WhatsApp umapita mwachangu ndipo tsamba laling'ono limatseguka bwino, koma mukayamba chinthu chachikulu mumamva ngati mwaponda matope.

Pano ndiime pang'ono pa nkhani ya manambala, chifukwa imasokoneza anthu ambiri ndipo inandisokoneza inenso. Makampani ndi masamba oyezera amalemba liwiro mu mabiti, ndiye kuti kbps kapena Mbps, b wamng'ono. Koma kompyuta ikamakopera fayilo imaonetsa mabaiti, kB/s kapena MB/s, B wamkulu. Baiti imodzi ndi mabiti 8. Choncho 512 kbps mukagawa ndi 8 mupeza 64 kB/s, 256 kbps ndi 32 kB/s, ndipo 1 Mbps ndi 125 kB/s. Ngati fayilo yanu yakakamira pa 60 kapena 62 kB/s kwa mphindi khumi osasuntha, simukufunikanso tsamba loyezera, yankho mwalipeza kale. Pa liwiro limenelo 1 GB imatenga maola anayi ndi mphindi pafupifupi 20, ndiye foda yanga ya 6 GB inkafunikadi maola 26. Kompyuta sinkanama.

Komabe alamu sanakhutire ndi umboni umodzi. Anati tiyeze netiwekiyo payokha, osati timizere ta pa sikirini. Timizere tija si muyezo weniweni. Wopanga foni aliyense amasankha yekha kuti timizere tinayi tiyambira pati, ndiye mafoni awiri atagona pa tebulo limodzi, wina aonetsa tinayi wina tiwiri. Manambala enieni ali mkati. Pa kamayifayi kapena rauta mumatsegula burawuza n'kulemba adiresi imene inalembedwa kuseri kwa chipangizo kapena pansi pa batire. Pa zipangizo zambiri imakhala imodzi mwa izi:

```
192.168.8.1
192.168.0.1
192.168.1.1
```

Mukalowa, fufuzani tsamba lolembedwa Device Information kapena Status. Pa foni ya Android mungapite ku Settings, About phone, kenako SIM status, pamene pali Signal strength. Mafoni ena amatsegula tsamba lobisika mukaimba `*#*#4636#*#*`, a Samsung ambiri amafuna `*#0011#`, ndipo iPhone ndi `*3001#12345#*`. Si foni iliyonse imene imalola manambala amenewa, ndiye ikakana gwiritsani ntchito njira ya Settings ija.

Pa 4G pali manambala angapo, koma awiri okha ndi okwanira. Yoyamba ndi RSRP, imene imanena mphamvu ya mafunde ofika kwa inu. Imalembedwa ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, ndipo nambala ikamakula ndiye kuti mphamvu ikuchepa: -80 dBm ndi yamphamvu kwambiri, -90 ndi yabwino, -100 ndi yapakatikati, -110 ndi yofooka, ndipo mukafika cha m'ma -120 ndiye kuti mwatsala pang'ono kuduka. Kusiyana kwa 10 pa muyezo umenewu si kochepa ayi, ndi kuchulukitsa kakhumi. Yachiwiri ndi SINR, imene imanena kuti mawu a nsanja yanu akumveka bwino bwanji pakati pa phokoso la nsanja zina. Iyi ikamakwera ndiye bwino: kuyambira 20 kupita m'mwamba ndi yoyera kwambiri, 13 mpaka 20 ndi yabwino, ndipo ikatsikira ku 0 kapena pansi pake liwiro limagwa ngakhale RSRP ioneke yabwino. Kuno ku Blantyre SINR ndi yofunika kuiyang'ana, chifukwa nyumba zambiri zili m'mapiri ndi m'zitunda, ndipo munthu wokhala pamwamba ku Ndirande kapena ku Soche amatha kulandira mafunde a nsanja zingapo nthawi imodzi. Timizere timadzaza, koma nsanjazo zikukuwirana.

Kwa ine, pazenera la pabalaza, titachotsa eriyo ija, RSRP inali -88 ndipo SINR inali 17. Netiweki yabwino ndithu, yosafuna thandizo lililonse. Alamu ananyamula kamayifayi n'kulowa nako kuchipinda chamkati, chopanda zenera lalikulu. RSRP inatsika kufika pa -97, SINR pa 9. Ndiye kuti mphamvu inachepa pafupifupi kasanu ndi katatu. Tinayeza liwiro: 0.50. Tinabwerera pazenera: 0.49. Netiweki inkasintha, liwiro osasintha. Zinthu ziwirizi zinali zitasiyana njira, ndipo zikasiyana chonchi dziwani kuti chikumanga liwiro si netiweki.

Muyezo womaliza ndi umene ndimaukonda kwambiri, chifukwa sufuna kudziwa nambala iliyonse. Tinapempha amayi a nyumba yoyandikana nafe, amene amagwiritsa ntchito kampani yomweyo, kuti atibwereke simu khadi yawo mphindi zisanu. Anali ndi bandulo wamba ya sabata. Tinawabwezera mayunitsi, chifukwa muyezo umodzi pa netiweki yothamanga umatha kudya ma MB makumi angapo. Tinaika khadi yawo mu kamayifayi kanga, pazenera lomwelo, nsanja yomweyo, ola lomwelo. Liwiro linafika 21 Mbps. Kuchipinda chamkati linatsika kufika pa 9, monga mmene netiweki yeniyeni imachitira. Kenako tinaika khadi yanga mu foni yawo: 0.5. Vuto linkatsatira khadi, osati chipangizo, osati nyumba. Lolemba lake ndinapita ndi kamayifayi ku Chichiri, pamalo pamene RSRP inali -76, ndipo ndinapezabe 0.5 yomwe ija.

Chofunika n'chakuti khadi yobwerekayo ikhale ya kampani yomweyo. Mukayesa ya kampani ina ndiye kuti mwasintha nsanja, ndipo muyezowo sukuuzani kanthu za vuto lanu.

Titatsegula tsamba la Statistics pa kamayifayi, tinapeza kuti ndinali nditadutsa 100 GB pa tsiku la 17 la bandulo. Titafufuza malamulo a banduloyo pa tsamba la kampani, pansi penipeni panali mawu akuti Fair Usage Policy, ndipo ananena kuti ukafika pa mlingo umenewo liwiro limatsitsidwa mpaka bandulo itatha. Uthenga wondichenjeza unabweradi, koma unapita ku simu khadi imene ili mu kamayifayi, ndipo ine sindinkadziwa kuti kachipangizoka kali ndi bokosi la mauthenga limene umaliona ukalowa pa adiresi ija. Munali mauthenga osawerengedwa oposa 40. Ngati muli ndi kamayifayi kapena rauta, tsegulani tsamba la SMS lero lomwe.

Ndinene maganizo anga pano mosabisa. Ndikumvetsa chifukwa chake malire otere alipo. Nsanja imodzi ili ndi mphamvu yoperewera imene anthu onse a m'dera amagawana, ndipo anthu ochepa okopera usana ndi usiku angapanikize ena onse. Chimene sindigwirizana nacho ndi kulemba mawu akuti zopanda malire ndi zilembo zazikulu, malirewo n'kuwabisa m'tizilembo tating'ono. Munthu wogula ayenera kuuzidwa pamalo pomwe akulipirira zinthu zitatu: malire ndi ma GB angati, akawadutsa liwiro likhala lotani, ndipo malirewo amawerengedwa pa tsiku kapena pa mwezi. Manambala amenewa amasiyana kampani ndi kampani, bandulo ndi bandulo, ndiponso amasintha, ndiye musatenge 100 GB ndi 512 kbps zanga ngati lamulo. Funsani za bandulo yanu, ndipo sungani chithunzi cha malamulowo tsiku limene mwagula.

Kodi 100 GB inatha bwanji m'masiku 17? Cholakwa changa chachikulu chinali kuganiza kuti amawerenga zokopera zokha. Amawerenga zonse, zotsika ndi zokwera. Makanema awiri a ukwati amene ndinakweza anali pafupifupi 18 GB iliyonse, ndipo imodzi inaduka chakumapeto magetsi atazima, ndinayambiranso. Pamenepo pokha ndi ma GB opitirira 50. Mafoda a zithunzi anatenga gawo lawo. Laputopu nayo inkakopera zokonzera Windows payokha chifukwa inkaona wayifayi ngati intaneti yaulere, ndipo ana ankaonera makatuni pa YouTube pa 1080p, imene imafuna pafupifupi 5 Mbps, kutanthauza ma GB awiri ndi kupitirira pa ola.

Patapita milungu itatu ndinaona mbali inayo ya nkhaniyi, ndipo ndi imene inanditsimikizira kuti njirayi imagwira ntchito. Achemwali anga a ku Machinjiri anandiimbira kuti, "Achimwene, inenso andifinya ngati inu muja, intaneti sikuyenda." Anali atamva nkhani yanga n'kuganiza kuti matenda ndi omwewo. Ndinapita ndi pepala langa. Nyumba yawo ili m'chigwa, kuseri kwa chitunda, ndipo rauta anaiika pansi pa tebulo la wailesi yakanema, pakona ya makoma awiri. Tinayeza kasanu: 0.3, 1.8, 0.7, 2.4, 0.9 Mbps. Nambala imodzi inali yotsika kuposa zanga zija, koma taonani kudumpha kwake. Palibe makina ofinya amene angakupatseni 0.3 kenako 2.4. RSRP inali -114, SINR inkasewera pakati pa -1 ndi 2, ndipo pa foni yawo chizindikiro chinkasintha kuchoka pa 4G kupita pa H+, yomwe ndi 3G, n'kubwereranso.

Chinanso chimene ndinaona ndi liwiro lokweza. Linali 0.1 Mbps, nthawi zina muyezo osamaliza n'komwe. Alamu anali atandifotokozera kale chifukwa chake. Nsanja ili ndi mphamvu zambiri ndi eriyo zazikulu, ndiye mawu ake amakufikani ngakhale muli kutali. Koma foni kapena rauta yanu imayankha ndi mphamvu yochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a wati imodzi. Zili ngati munthu wa chimkuzamawu ali pa phiri akulankhula ndi mwana ali kudambo: mwanayo akumva, koma kuyankha kwake sikukufika. Choncho netiweki ikafooka, kukweza ndi kumene kumayamba kufa. Foni imatenthanso ndipo batire imatha msanga chifukwa ikukuwa ndi mphamvu zake zonse.

Tinatulutsa rauta pakhonde, mbali yoyang'ana kumsewu, n'kuikweza pa mpando. RSRP inafika -103, SINR 7, liwiro 8 Mbps. Mamita asanu okha. Kwa achemwali, malo ndiwo anali chilichonse, pomwe kwa ine malo analibe kanthu. Eriyo imene ndinagula ku Limbe ija tinakaimangirira padenga pawo, kuloza kumene netiweki inkachokera, tikumatembenuza pang'ono pang'ono n'kumadikira masekondi 30 kuti manambala akhazikike. Tinkatsatira SINR kuposa RSRP. Pamene tinaimangitsa, RSRP inali -96 ndipo SINR inali 12, ndipo mpaka pano akuigwiritsa ntchito.

Pali mlendo wachitatu amene amasokoneza anthu pakati pa ziwirizi, ndiye kuchulukana kwa anthu pa nsanja. Uyu amatsatira nthawi. Netiweki ili bwino, bandulo ili bwino, koma cha m'ma 7 mpaka 10 koloko usiku, aliyense ataweruka n'kugwira foni, liwiro limatsika ngati magalimoto pa Masauko Chipembere Highway nthawi yoweruka. Manambala amadumphadumpha monga a netiweki yofooka, koma RSRP ndi yabwino ndipo kusuntha chipangizo sikuthandiza kwenikweni. Mukayeza 5 koloko m'bandakucha mupeza msewu uli pululu. Khadi ya mnzanu ya kampani yomweyo nayonso imachedwa chimodzimodzi, ndipo apa ndi pamene muyezo wosinthana makhadi umasiyanitsa bwino. Kwathu ndaonanso kuti magetsi akazima dera lonse kwa maola ambiri zinthu zimaipa. Anthu amathamangira ku mafoni, ndipo nsanja ina ikazima, foni imalumphira ku nsanja yakutali. Pamenepo muona RSRP yagwa mwadzidzidzi muli pamalo omwewo, ndipo pa tsamba lija nambala ya Cell ID, yosonyeza nsanja imene mwalumikizidwa nayo, yasintha. Palibe chimene mungakonze pakhomo panu, n'kudikira basi.

Chenjerani ndi msampha umodzi pa muyezo wa usiku. Mabandulo ena malire awo ndi a pa tsiku, ndipo amayambiranso tsiku latsopano likayamba. Ngati muyeza 9 koloko usiku n'kupeza kuchedwa, kenako 5 koloko m'mawa n'kupeza kuthamanga, mungaganize kuti ndi kuchulukana kwa anthu pomwe ndi malire a tsiku amene angomasuka. Njira yosiyanitsira ndi kuyang'ana maonekedwe a manambala a usikuwo, ngati ali pa mzere umodzi kapena akudumpha, ndiponso kuyeza mphindi zochepa isanakwane 12 koloko usiku ndi mphindi zochepa itadutsa. Anthu sagona onse pa mphindi imodzi. Liwiro likadumpha kuchoka pa 0.5 kufika pa 20 pa nthawi imodzimodzi usiku uliwonse, ndi makina.

Alamu anandiphunzitsanso muyezo wa ping, umene umathandiza ngati mulibe data yoti muwononge. Pa Windows mumatsegula Command Prompt n'kulemba:

```
ping -n 20 8.8.8.8
```

Kompyuta imatumiza timauthenga 20 n'kuwerenga nthawi imene kalikonse katenga kupita ndi kubwera. Pa khadi yanga yofinyidwa, popanda china chikuyenda, nthawi zonse zinali pafupi pafupi, cha m'ma 60 mpaka 70 ms, pomwe 1000 ms ndi sekondi imodzi, ndipo palibe kamene kanatayika, chifukwa timauthengati n'tating'ono ndipo timakwana pa kampata kotsalako. Nditangoyamba kukweza fayilo, nthawi inakwera kupyola 1000 ms chifukwa tinkaima pamzere kumbuyo kwa fayiloyo. Kwa achemwali, ngakhale popanda china chikuyenda, nthawi zinkachoka pa 80 kufika pa 600, ndipo pa timauthenga tina pankangotuluka mawu akuti Request timed out.

Anthu ambiri atamva nkhani yanga anandilangiza zinthu zosathandiza, ndipo zina ndinaziyesa. VPN, pulogalamu yobisa zimene mukuchita pa intaneti, sichotsa malire a mtundu umenewu, chifukwa liwiro lamangidwa pa khadi yonse, mkati mwa makina a kampani, ndipo chilichonse chodutsa pa khadiyo, chobisika kapena chosabisika, chimadutsa pa kampata komweko. Kusintha DNS, makina amene amapezera chipangizo chanu adiresi ya tsamba limene mwalemba, sikuthandiza. Mapulogalamu olonjeza kuwonjezera liwiro amangodya data yotsalayo. Kuyatsa ndi kuzimitsa chipangizo kuli ndi ntchito imodzi yokha yeniyeni: mukagula bandulo yatsopano kapena mwezi ukatha, nthawi zina liwiro lakale limakakamirabe mpaka chipangizo chitalumikizidwanso, ndiye zimitsani n'kuyatsa, kapena pa foni yatsani Airplane mode masekondi angapo. Onetsetsaninso kuti bandulo yatsopanoyo ndi imene ikudyedwa, chifukwa ngati yakale sinathe masiku, makina ena amapitiriza kukuikani pa yakaleyo. Limeneli ndi funso loti mufunse musanalipire.

Nanga ngati manambala akuonetsa kufinya koma inu simunafike pa malire? Apa ndi pamene pepala lija limagwira ntchito. Mukaimba foni n'kungoti intaneti ikuchedwa, adzakuuzani kuti muzimitse n'kuyatsa, kapena kuti mupite pamalo pamene pali netiweki. Koma mukanena kuti RSRP ndi -88, SINR ndi 17, liwiro lakhala pa 0.5 Mbps m'mawa, masana ndi usiku kwa masiku atatu, khadi ina ya kampani yomweyo ikupereka 21 Mbps m'chipangizo chomwecho, ndipo mwagwiritsa ntchito ma GB akutiakuti mwa akutiakuti, nkhani imasintha. Pemphani kuti aone ngati pa nambala yanu pali malire a liwiro, ndipo tengani nambala ya dandaulo lanu. Ngati kampani siikuthandizani, bungwe loyang'anira za mauthenga m'dziko muno la MACRA limalandira madandaulo a ogula, ndipo zithunzi za miyezo yanu zokhala ndi tsiku ndi nthawi ndiwo umboni umene mungapite nawo.

Kwa ine kunalibe dandaulo loti ndipereke, malire ndinawadutsadi. Zithunzi za mkwatibwi uja ndinazikweza Loweruka lomwelo usiku ndi bandulo wamba imene ndinagula pa khadi ya mu foni, ndipo zinatha pasanathe maola awiri. Masiku 10 otsalawo ndinakhala nayo 512 kbps, ndipo ndinapeza kuti si yakufa ayi. Mauthenga, imelo ndi kuimba kwa mawu pa WhatsApp zinkayenda bwino bola wina asakhale akukopera. YouTube inkayenda pa 240p, koma 360p, imene imafuna pafupifupi 0.7 Mbps, inkaimaima. Mafayilo a 1 GB ndinkawasiya usiku ndikamagona, m'mawa n'kupeza atha.

Panopa pa laputopu ndinayatsa Metered connection pa wayifayi ya kamayifayi kuti Windows isamakopere zinthu zazikulu payokha, ndipo foni ya ana ndinaiika pa 480p. Makanema a maukwati ndimayamba ndawachepetsa kukula ndisanawakweze, ndipo fayilo yaikulu yeniyeniyo eni ake amadzatenga pa fulashi. Pa tsamba la Statistics ndinaika tsiku loyambira bandulo ndi mlingo wa 100 GB, kachipangizo kamandichenjeza ndikafika pa 80. Mwezi watha ndinafika pa 80 pa tsiku la 24, ndipo kanema wa chinkhoswe cha ku Bangwe ndinamusunga mpaka bandulo yatsopano itayamba.